Pampu yapsa patatha masabata asanu, wogulitsa akuti "katundu akatuluka sabwerera": ndili ndi mlandu?

*Funso: Ndinagula pampu yamagetsi yolowetsa mu mjigo. Ku shopu ndinawauza kuti madzi ali pa mamita 20 pansi ndipo thanki ili mamita 6 mmwamba, iwo anandisankhira okha pampu nkunena kuti iyiyi ikwanitsa. Chiyikireni madzi amangotuluka pang'onopang'ono, patatha masabata asanu yapsa. Ndabwerera akukana kwamtuwagalu, akuti pa lisiti analemba kuti katundu sabwezedwa, akutinso za waranti ndikaonane ndi kampani yopanga. Pa kachitsulo ka pampuyo palembedwa `H max 30 m`. Ndingatani?*

Mlandu muli nawo achimwene, ndipo ndi wabwino ndithu, koma mukaupita nawo molakwika muluza. Anthu ambiri akafika pa kauntala amayamba ndi mawu oti "mwandigulitsa chinthu chowonongeka", ndiye wogulitsa amasangalala chifukwa akudziwa kuti akaitsegula pampuyo mwina apeza kuti inachoka ku fakitale ili bwinobwino. Nkhani yanu ili pena, tiyeni tiione bwino.

Mukagula chinthu kwa munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa, lamulo limalowetsamo malonjezo ena mu mgwirizano wanu ngakhale palibe amene anawatchula, ngakhale simunasainirane pepala lililonse. Awiri ndi amene akukhudza inu. Loyamba ndi loti katunduyo ndi wabwino mokwanira, kutanthauza kuti munthu woganiza bwino ataona mtengo wake, mmene anamufotokozera komanso ngati ndi watsopano kapena wogwiritsidwapo kale ntchito, anganene kuti ee, ameneyu ndi katundu wogulika. Lachiwiri ndi loti katunduyo agwira ntchito imene inuyo munanena kuti mukumufunira, bola ngati munadalira nzeru za wogulitsayo posankha. Malonjezo awiriwa anawaika pamodzi mu gawo 14 la lamulo la malonda a katundu la ku Britain la 1893, limene analemba Mackenzie Chalmers, ndipo maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain anangolitengera pafupifupi liwu ndi liwu, ena manambala a magawo okha ndi amene anasintha. Nchifukwa chake milandu yakale ya kumeneko maloya amaitchulabe mmakhothi a maiko ambirimbiri mpaka lero.

Kusiyana kwake nkotani? Foni yatsopano imene ikuzima yokha yaphwanya lonjezo loyamba, palibe amene angaifune, kaya aigwiritsa ntchito yanji. Koma chinthu chikhoza kukhala chabwinobwino, chopanda chilema ngakhale chimodzi, nkuphwanyabe lonjezo lachiwiri chifukwa sichingagwire ntchito yanuyo. Pampu yanu ndikuiona ili mgulu limeneli.

Taonani kachitsulo kaja. `H max 30 m` sikutanthauza kuti pampu imatunga bwino mpaka mamita 30 ayi. Pamenepo ndi pamene mphamvu yake imathera, pa mamita 30 madzi amangoima mupaipi osatuluka ngakhale dontho. Madzi ambiri amene amalemba pa `Q max` imatulutsa pamene sikukankha chokwera chilichonse, ndiye mukamakwera madzi amachepa, kuchepa, mpaka zilo. Inu muli ndi 20 kuphatikiza 6, ndi 26 kale. Onjezani kukhuzana kwa madzi ndi makoma a paipi ndi mmakona, zimene zimadya mamita ena angapo malingana ndi kutalika ndi kuchepa kwa paipiyo, onjezaninso kuti madzi a mu mjigo amatsika pampu ikayamba kukoka. Mwafika pa 29 kapena 30 osadziwa. Nchifukwa chake madzi amangodontha. Ndipo pampu zolowetsa mmadzizi mota yake imazizira ndi madzi omwewo amene akudutsa, ndiye madzi akamayenda pang'ono chonchi mota imatentha tsiku ndi tsiku mpaka mawaya amkati kupsa. Munthu aliyense wogulitsa mapampu amayenera kudziwa zimenezi, ndi ABC ya ntchito yake, ndipo pa manambala amene munapereka amayenera kukupatsani pampu imene pa mamita 30 ikadali ndi mphamvu yotsala yambiri.

Ndiye mawu oti mukanene si oti pampu inali yowonongeka. Mukanene kuti "ndinakuuzani ntchito yake, munasankha ndinu, ndipo siingagwire ntchitoyo". Akakuyankhani kuti mwaiwotcha nokha poiyendetsa mokakamiza, yankho lake ndi loti inapsa chifukwa imagwira ntchito yomweyo imene iwo anati ikwanitsa.

Pali mlandu wina wakale wa 1925, wa Baldry ndi Marshall, umene umafanana ndi wanu modabwitsa. Bambo wina anapita kwa ogulitsa magalimoto nkuwauza kuti akufuna galimoto yokhalika bwino yoyendera maulendo ataliatali, iwo anamulozera Bugatti. Galimotoyo pa ntchito imene ananenayo inali yosayenera. Ogulitsa anayesa kuthawira ku kachigawo kena ka lamulo la 1893 kamene kamati ukagula chinthu pochitchula dzina lake la malonda palibe lonjezo loti chikuyenera, koma khothi linati ayi, munthuyu ngakhale dzinalo linalembedwa pa oda, anadalira inuyo kuti mumusankhire. Anawina. Funso limene jaji amafunsa ndi lomwelo nthawi zonse: anasankha ndani?

Apa ndi pamene mlandu wanu ungagwere, ndiye ndikuuzeni mosabisa malo atatu amene wogulitsa wochenjera angakumenyereni.

Poyamba adzati simunanene chilichonse, munangoloza pampu nkulipira. Mawu apakamwa ndi umboni ndithu, khothi limawamva, koma akakhala mawu anu okha kulimbana ndi mawu ake zimavuta. Fufuzani mu foni ngati munawalemberapo mesenji yofunsa za pampu ya mamita akutiakuti, kapena kotesheni imene analembapo kuya kwa mjigo, kapena munthu amene munali naye tsikulo. Ngati mulibe chilichonse, alembereni mesenji lero modekha, yoti "paja tsiku lija ndinakuuzani kuti madzi ali pa mamita 20 ndipo thanki pa 6 munati pampuyi ikwanitsa, pano yapsa, tichita bwanji". Ambiri sakana mbali yoyambayo, amangothamangira kuyankha kuti katundu sabwezedwa, ndipo yankho limenelo mulisunge bwino chifukwa likusonyeza kuti sanatsutse.

Chachiwiri, manambala amene munapereka akhale oona. Mu mlandu wa 1939 mayi wina dzina lake Griffiths anagula jasi kwa a Peter Conway, itamuyambitsa matenda a pakhungu anakasuma, koma zinapezeka kuti khungu lake linali losachedwa kugwidwa kusiyana ndi la anthu ena onse, jasiyo munthu wamba siikanamuvuta, ndipo iye sanawauze ogulitsa za khungu lakelo. Analuza. Wogulitsa amayankha pa zimene anauzidwa basi. Ndiye ngati madzi anu kwenikweni ali pa mamita 35 ndipo inu munangoyerekeza kuti 20, kapena thanki ili kutali mamita 200 ndipo simunatchule, mlandu ufooka kwambiri. Pezani lipoti la amene anakumba mjigowo, nthawi zambiri amalembamo pamene madzi amaima komanso pamene amatsikira akamapopa. Chosangalatsa nchoti kwa inu ngakhale manambala anu enieniwo, 20 ndi 6, akukwanira kale kusonyeza kuti pampu ya 30 inali yaing'ono.

Chachitatu, ngati panali pulambala kapena injiniya wanu amene anakulemberani kuti mukagule pampu yakutiyakuti, ndiye kuti munadalira iyeyo osati shopu, ndipo wokamufunsa ndi iyeyo. Mwanena kuti anasankha okha a shopu, zikhale choncho mpaka ku khothi.

Tsono lonjezo loyamba lija musalitaye, liikeni pambuyo ngati mkondo wachiwiri. Katswiri wa zamagetsi akaitsegula nkupeza kuti madzi analowa mu mota chifukwa silo yotchinga madzi inali yosatseka bwino, kapena mawaya anakulungidwa mwachinyengo, ndiye kuti pampuyo inalinso ndi chilema chake. Kulimba kwa chinthu ndi mbali ya ubwino wake, ku Britain anachita kuzilemba mu lamulo mu 1994 pamodzi ndi maonekedwe, chitetezo ndi kusakhala ndi tizilema ting'onoting'ono, ndipo kwina kumene sanazilembe makhothi amaonabe kuti pampu yatsopano imene yafa mu masabata asanu inali ndi vuto kuyambira tsiku logula. Lonjezo limeneli limagwa pokhapokha ngati chilemacho anakuuziranitu musanagule, kapena munachiyang'ana chinthucho ndipo chilemacho chinali choti mukanachiona. Chilema cha mkati mwa mota yotsekedwa palibe angachione pa kauntala. Ndipo wogulitsa sangathawe ponena kuti "ifenso sitimadziwa, tinangoitenga mu katoni". Zoti analakwa dala kapena sanalakwe lamulo silifunsa, limafunsa zoti katundu anali bwanji. Koma chenjezo, musaipereke kwa mekaniki woti aiphwasule musanawauze a shopu, adzanena kuti anaiwononga ndi mekaniki wanuyo. Auzeni kaye molemba kuti mukufuna iwunikidwe, abwere aone kapena atumize munthu wawo.

Za kukutumizani ku kampani yopanga, kumeneko nkukuzembani chabe. Ndalama munapereka kwa ndani? Mgwirizano wanu uli ndi shopu, ndipo malonjezo a lamulo aja amamanga shopu. Waranti ndi lonjezo lapadera loonjezera limene wopanga amapereka mwa kufuna kwake, silichotsa udindo wa wogulitsa ngakhale pang'ono. Shopuyo ikakubwezerani, iyonso ili ndi ufulu wokafunsa kwa amene anaigulitsa, unyolo umayenda chobwerera choncho mpaka ku fakitale, koma ulendo umenewo ndi wawo si wanu. Komanso pa nkhani yanuyi waranti ndi msampha, chifukwa wopanga akaiyesa adzati pampu yathu ilibe vuto inagwiritsidwa ntchito kupyola mphamvu yake, ndipo adzakhala akunena zoona. Wopanga sanamve za mamita 20 anu aja. Anamva ndi wa pa kauntala.

Nanga mawu a pa lisiti? Apa ndi pamene maiko amasiyana, ndiye mvetsetsani. Lamulo lakale la 1893 limalola ogula ndi ogulitsa kugwirizana kuti malonjezo aja achotsedwe. Koma makhothi anaika mipanda. Mawu ochotsa udindowo amayenera kuti munawaona musanagule kapena pa nthawi yogula, ndiye lisiti limene akupatsani mutalipira kale nthawi zambiri limakhala lafika mochedwa, malonda anatha kale. Chikwangwani chachikulu cha pa kauntala chimene aliyense amachiona polowa chili ndi mphamvu kuposa lisiti. Ngakhale pamenepo majaji amawerenga mawu oterowo mowapanikiza, mokomera wogula, moti "katundu sabwezedwa" angathe kuwamva kuti akunena za munthu amene wangosintha maganizo, osati amene anapatsidwa chinthu chosagwira ntchito. Mu mlandu wa Bugatti uja munalinso mawu otere ochotsa galanti, khothi linati sanafike pa lonjezo lalikululi. Kenako maiko ambiri anapita patsogolo nkuletseratu, ku Britain kuyambira 1973 wogulitsa sangachotse malonjezowa pamene akugulitsa kwa munthu wamba wogulira ntchito ya pakhomo, ndipo malamulo oteteza ogula a maiko ambiri masiku ano amatero, kwina kukhoma chikwangwani chotero ndi mlandu pawokha. Ndiye funsani ku bungwe loona za ufulu wa ogula la mdziko lanu kuti lamulo lanu likuti chiyani pa mawu amenewa. Chimodzi chokha, ngati pampuyo munagulira bizinesi, tinene yogulitsa madzi kapena kuthirira munda wamalonda, malamulo ena sakuwerengani ngati wogula wamba ndipo chitetezo chimachepa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si lisiti, ndi nthawi. Amati mlandu suwola, koma ufulu wokana katundu nkulandira ndalama zonse umawola, ndipo umawola msanga. Pa lamulo lakale lija, ukasunga katundu kupyola "nthawi yoyenera" osanena kuti wamukana, amati wamulandira, ndipo ukamulandira chotsala nkupempha chipukutamisozi basi, kubweza ayi. Nthawi yoyenerayo ndi masiku angati sanalembe. Mu mlandu wa 1987 ku Britain bambo wina dzina lake Bernstein anagula galimoto yatsopano ya Nissan, patatha masabata atatu okha atayenda mamailosi pafupifupi 140 injini inagwira, khothi linavomereza kuti galimotoyo inali ndi chilema koma linati wachedwa kuikana. Masabata atatu! Chigamulochi anthu anachidandaula kwambiri ndipo khothi la apilo mu 2003 linati sichikuimiranso lamulo la kumeneko popeza linali litasinthidwa, koma kumene akugwiritsabe mawu akale aja loya wa shopu angachitulutse. Maiko ena anaika manambala kuti mkangano uthe. Ku Britain lamulo la 2015 limapereka masiku 30 oti ukane katundu nkulandira zonse, akadutsa umapempha kukonza kapena kusintha, kukonzako kukalephera kamodzi ukhoza kumukana kapena kuchotsetsa mtengo, ndipo vuto likaoneka mu miyezi 6 yoyamba amaliyesa kuti linalipo kale pokhapokha wogulitsa asonyeze kuti ayi. Ku South Africa lamulo la 2008 limapereka miyezi 6 ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusintha ndi kubweza ndalama ndi wogulayo. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya wogulitsa amayankha kwa zaka 2.

Inu muli pa masabata asanu, ndipo choipa nchoti munaona kuyambira tsiku loyamba kuti madzi akungodontha koma munapitiriza kuigwiritsa ntchito. Adzakufunsani zimenezo. Ngati munawaimbirapo foni masiku oyambirira kudandaula iwo nkunena kuti "ipatseni nthawi izolowera" kapena "onani paipi", chimenecho ndi chuma, chifukwa nthawi imene mumadikira pa mawu awo siyenera kuwerengedwa ngati kulandira. Yang'anani mu foni tsiku ndi nthawi imene munaimba. Ngati simunawauzepo, musataye mtima, mukhoza kunena kuti munthu wamba sangadziwe msanga ngati vuto ndi pampu, paipi kapena mjigo, ndipo zinadziwika bwino pamene inapsa. Koma kalata yokana ipite sabata ino, osati mwezi wamawa.

Kalatayo isakhale yaitali ndipo musatukwanemo. Lembani tsiku logula, dzina ndi nambala ya pampu, zimene munawauza ndi amene anasankha, zimene zachitika ndi masiku ake, kenako mawu omveka oti mukuikana pampuyo chifukwa siikugwira ntchito imene munagwirizana ndipo mukufuna ndalama zanu pofika tsiku lakuti, masiku 14 ndi abwino. Mawu oti "ndikuikana" alembedwe ndithu, chifukwa kudandaula chabe si kukana. Mukavomera kuti ayese kukonza kapena kusintha, onjezani kuti mukuvomera popanda kutaya ufulu wanu wobweza. Ngakhale kunena zoona kukonza pano kulibe phindu, akaikulunga mota mwatsopano ibwerera mu mjigo womwewo nkupsanso, chimene chingathandize ndi pampu yamphamvu yokwanira kapena ndalama.

Pa ndalama tiyerekeze kuti pampuyo mtengo wake ndi magawo 100, pulambala woika ndi kutulutsa anadya 15, ndipo chipsereni mwawononga 5 kupeza madzi kwina. Kukana kukavomerezeka mulandira 100 yonse nkubweza pampu, ndipo 15 ndi 5 uja mukhoza kuwapemphanso ngati zotayika zochokera mwachindunji ku kuphwanya lonjezo, bola malisiti alipo. Khothi likati munachedwa kukana, simutuluka chimanjamanja, mulandira chipukutamisozi cholingana ndi zimene mwataya, ndipo poti pampu yopsa mtengo wake ndi wa zitsulo zakutha mwina 5, mukhoza kufika cha mma 95, kungoti apa ndi pamene wogulitsa adzalimbikire kuti mukanaizimitsa msanga siikanapsa, ndipo jaji akamumvera adzadulako. Lamulo limafuna kuti wolakwiridwa nayenso achepetse kutayako, osangokhala nkumawerengera. Zotayika zakutali ndiye zimavuta. Ngati munati madzi ndi a pakhomo kenako mukuti mbewu za maekala awiri zauma, adzakuuzani kuti wogulitsa sakanaganizira zimenezo pa tsiku la malonda, mfundo imeneyi inakhazikika kalekale mu 1854 pa mlandu wa Hadley ndi Baxendale ndipo siinasunthe. Mukakweza kwambiri zofuna zanu mumangoopseza munthu amene mwina akanabweza 100 mwakachetechete.

Masiku 14 akatha ali chete, pitani ku bungwe loteteza ogula ndi kope la kalata, lisiti, chithunzi cha kachitsulo kaja ndi lipoti la mjigo, kawirikawiri kudandaula kumeneko nkwaulere ndipo mashopu ambiri amafewa akangolandira kalata ya bungwe. Zikakanika ndiye khothi la milandu ing'onoing'ono, kumene nthawi zambiri simufunika loya. Kapepala kamodzi ka katswiri wa mapampu konena kuti pa mamita 26 kuphatikiza paipi pampu ya `H max 30 m` siingatunge mokwanira kadzakugwirirani ntchito kuposa kulankhula kwa ola lathunthu.

Pampuyo pakadali pano isungeni inuyo. Akati muisiye ku shopu kuti aione, jambulani kaye kachitsulo ndi siriyo nambala, ndipo akulembereni kapepala kosainidwa kuti ailandira tsiku lakuti ili motere. Ndinaonapo munthu amene anasiya yake pa kauntala chonchi popanda pepala, pobwera anapeza akumuonetsa ina yakale ya dzimbiri nkumati ndi imene anabweretsa.